Kambuku, Kakwiyo kapena Njuzi: Mmene Mungawasiyanitsire pa Chithunzi

Chithunzi cha chilombo cha mawanga chikangolowa m'mafoni, anthu ambiri amafulumira kunena kuti ndi kambuku. Nthawi zina amalondola, koma kawirikawiri nyama imene yajambulidwayo imakhala njuzi, mphaka wam'tchire amene amalemera pakati pa makilogalamu 9 ndi 18 okha, ndipo chakudya chake chenicheni ndi mbewa, mbalame ndi achule. M'Malawi muno mulinso wachitatu, kakwiyo, amene ena amamutchula kuti chita. Iyeyu adatha kwa zaka pafupifupi 20, kufikira m'chaka cha 2017 pamene bungwe la African Parks lidabweretsa anayi ku Liwonde kuchokera ku South Africa, kenako ena ku Majete mu 2019. Ndiye tsopano onse atatu tili nawo, ndipo onse amatuluka pa zithunzi.

Chimene chimasocheretsa anthu n'chakuti amayang'ana mawanga pamalo olakwika. Kambuku, amene ena amati nyalugwe, ali ndi mawanga a mitundu iwiri. Kumutu, m'miyendo ndi kumimba kwake kuli madontho akuda otsekeka, osasiyana kwenikweni ndi a anzake awiri aja. Chithunzi chikangoonetsa mwendo kapena mphumi, simungagamule kanthu. Pitani panthiti ndi pamsana. Pamenepo mawanga a kambuku si madontho wamba ayi: timadontho takuda titatu, tinayi kapena tisanu timazungulira malo ofiirira, monga mafuwa azungulira moto, ndipo pakatipo pamaderako pang'ono kuposa khungu lonse. Mukangoona wanga limodzi lotere, lokhala ndi mphako pakati, nkhani yatha, ameneyo ndi kambuku. Kakwiyo ndi njuzi alibe mawanga a mphako.

Vuto lenileni limatsala pa awiriwa, chifukwa onse ali ndi madontho akuda otsekeka, miyendo yaitali ndi mutu waung'ono. A kakwiyo ndi obulungira, aang'ono, omwazika thupi lonse pafupifupi mofanana, ndipo pakati pa akuluakulu pamakhala tina ting'onoting'ono. A njuzi ndi okulirapo poyerekeza ndi thupi lake, ataliatali, ndipo amandanda motsata msana. Mukawatsata kulowera kutsogolo mudzaona kuti pamapewa ndi pakhosi alumikizana n'kukhala mizere yakuda yochokera pakati pa makutu. Kupatula mtundu wina wosowa kwambiri wa kakwiyo umene madontho ake amalumikizana pamsana, mizere yapakhosi imeneyi ndi chizindikiro cha njuzi.

Kumaso ndiye kosavuta, ngati nyamayo yayang'ana kamera. Kakwiyo ali ndi mizere iwiri yakuda yochokera pakona ya diso lililonse, kutsika m'mbali mwa mphuno mpaka pakona ya kamwa. Anthu amaitcha mizere ya misozi, ndipo imaoneka ngakhale pa mwana wake. Kambuku alibe. Nkhope yake ndi yotakata, ya nsagwada zikuluzikulu, timadontho tili mbwee pamphumi ndi m'masaya, ndevu zoyera zazitali, ndipo pansi pa khosi madontho amalumikizana n'kupanga mkanda. Njuzi nthawi zina imakhala ndi kachidutswa kakuda pafupi ndi diso, koma sikafika kukamwa. Chimene chimaiulula ndi makutu: aakulu, aatali, oimirira moyandikana pamwamba pa kamutu kakang'ono. Kuseri kwake ndi akuda, ndi chibanga choyera chopingasa. Apa chenjerani, chifukwa kambuku nayenso ali ndi malo oyererapo kuseri kwa makutu. Kusiyana kuli pa kukula: ake ndi aang'ono, obulungira, otalikirana.

Kwa ine, chiwalo chodalirika kuposa zonse pa chithunzi chosaoneka bwino ndi mchira, ndipo n'zodabwitsa kuti anthu sauyang'ana. Wa njuzi ndi waufupi, masentimita 30 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo umathera cha m'mfundo ya mwendo wakumbuyo osafika pansi. Wa kakwiyo ndi wautali, wophwatalala chakumapeto, umayamba ndi madontho n'kumaliza ndi mikombero yakuda, nsonga yake kawirikawiri yoyera. Wa kambuku ndi wautalinso, koma wonenepa ndi wobulungira, ndipo akamayenda amaupinda m'mwamba kuonetsa kunsi kwake koyera.

Pa maimidwe a thupi sipafunika mawu ambiri. Kambuku ndi wojintcha, miyendo yaifupi ndi yonenepa, khosi lalikulu, ndipo wamphongo amatha kupitirira makilogalamu 60. Kakwiyo ndi wamtali kumuposa koma wowonda, chifuwa chakuya, chiuno chothina. Njuzi imaoneka ngati miyendo yaichulukira thupi.

Tiyerekeze kuti mwalandira chithunzi chojambulidwa usiku pa msewu wodutsa m'mbali mwa dambo, chowalitsidwa ndi nyali za galimoto. Nyamayo yaima chammbali, mutu yatembenuzira kutchire, maso sakuoneka, ndipo wotumizayo walemba kuti kambuku wafika m'mudzi. Musayambe ndi kukula kwake, pakuti pa chithunzi chopanda munthu kapena galimoto yoyerekezera, njuzi yojambulidwa pafupi imaoneka yaikulu kuposa kambuku amene ali patali. Kulitsani chithunzicho panthiti. Madontho akuoneka otsekeka, koma musakhutire msanga, chifukwa nyama ikamayenda kapena kuwala kukachepa, mawanga a kambuku amafufutika, mphako zija n'kutsekeka, n'kumaoneka ngati madontho wamba. N'chimodzimodzi ndi mwana wa kambuku, amene mawanga ake amakhala othithikana asanatseguke. Choncho umboni wa mawanga apa sunakwane. Tsikirani kumchira. Wathera pamfundo ya mwendo, uli ndi mikombero yakuda. Kambuku ndi kakwiyo achoka kale pamenepa, pokhapokha mchirawo utabisika mu udzu kapena utapindikira kuseri kwa thupi, ndiye onetsetsani kuti nsonga yake ikuoneka. Kwerani kukhosi: pali mizere iwiri kapena itatu yotsikira pamapewa. Pamwamba pake pali makutu aatali okhala ndi zibanga zoyera. Zizindikiro zitatu zagwirizana, ndipo imeneyo ndi njuzi imene ikusaka mbewa m'dambo.

Malo ndi nthawi zimathandiza kutsimikiza, ngakhale pazokha si umboni. Nyama imene yagona panthambi yaitali, nswala ili lende pambali pake, ndi kambuku, monga zimaonekera kawirikawiri pa zithunzi za ku South Luangwa m'dziko la Zambia. Kakwiyo amasaka makamaka masana m'malo opanda mitengo yambiri, ndipo amakonda kukhala pachulu n'kumaunguza. Amatha kukwera mtengo wopendekeka, koma zikhadabo zake sizibwerera zonse m'kati ndipo n'zobuntha, choncho sangakweze nyama mumtengo. Njuzi imakonda udzu wautali pafupi ndi madzi. Ku Nyika kuli akambuku ndi njuzi zomwe, ndiye kumeneko malo okha sangakuuzeni kanthu. Ndipo popeza akakwiyo a kuno adaikidwa m'nkhalango ziwiri zotchingidwa ndi mpanda, chithunzi cha mphaka wa madontho otsekeka chojambulidwa kumunda ku Mchinji kapena ku Dedza chiyenera kuganiziridwa kuti ndi njuzi poyamba.

Kusiyanitsaku kumakhudza moyo wa nyama komanso wa anthu. Njuzi ikatchedwa kambuku, mudzi umadzuka ndi agalu ndi mikondo kukapha nyama imene imachepetsa mbewa m'minda, ngakhale kuti nthawi zina imagwira nkhuku. Kambuku weniweni akayesedwa njuzi, munthu angathe kumuyandikira n'kuvulala. Musanatumize chithunzi chotere kwa ena, yang'anani panthiti, pamchira ndi pamakutu, ndipo mukapeza mawanga a mphako pa nyama imene ili pafupi ndi nyumba za anthu, dziwitsani a nthambi yoona za nyama zakutchire, musaitsate nokha.