Buleka ikagwa, werengani mphindi

Ndi madzulo a mwezi wa Juni, chiperoni chavuta. Ndiwo zili pa hotipuleti, ketulo ikuwira, mwana akusita yunifolomu ya mawa, ndipo agogo ayatsa hita pabalaza. Posakhalitsa mukumva kuti tha! Masoketi onse azima, chikhalirecho kwa aneba magetsi ali ngwee. Kubokosi la magetsi mukupeza kaswitchi kamodzi katagwa. Mukukakweza, koma pakupita mphindi zingapo kakugwanso.

Kaswitchi kameneka ndi buleka. Ntchito yake ndi kuteteza mawaya amene ali m'khoma kuti asatenthe mpaka kuyaka. M'kati mwake muli alonda awiri, ndipo aliyense ali ndi liwiro lake. Woyamba ndi kachitsulo kopyapyala kamene kamapindika pang'onopang'ono kakamatentha, kufikira katakankha switchi. Wachiwiri ndi maginito amene amadula magetsi m'kuphethira kwa diso, mphamvu ikangokwera modzidzimutsa. Kachitsulo kaja kamalondera kuchuluka kwa katundu, pamene maginito amalondera shoti. N'chifukwa chake nthawi imene buleka yatenga kuti igwe ndiyo imaulula vuto.

Tiyeni tiwerenge katundu wa m'nyumba ija. Pa buleka pamalembedwa nambala, mwachitsanzo C20, kutanthauza kuti imanyamula maampu 20. Magetsi a m'nyumba kuno ku Malawi ndi a mavoti 230. Tikachulukitsa 20 ndi 230 tikupeza mawati 4,600, ndipo amenewa ndiwo malire a masoketi onse amene ali pa buleka imeneyo. Chipangizo chilichonse chimakhala ndi mawati ake olembedwa kunsi kapena kumbuyo. Tinene kuti hotipuleti ndi ya mawati 2,500, ketulo 2,000, simbi 1,500 ndipo hita 1,000. Zonse pamodzi ndi 7,000. Tikagawa ndi 230, akutuluka maampu pafupifupi 30 pa mawaya amene mlonda wake amalola 20.

Katundu wotere sagwetsa buleka nthawi yomweyo. Kachitsulo kaja kamayamba katentha kaye, ndiye pamapita mphindi zingapo. Buleka imakhala yofunda mukaikhudza, ndipo nthawi zina imakana kukwera mpaka itazizira. Vutoli limakondanso nthawi yake, m'mawa kapena madzulo pamene zipangizo zayatsidwa zambiri. Mankhwala ake ndi kupatsana mpata: ketulo iwire kaye, simbi ibwere pambuyo. TV, wailesi ndi matchaja a foni musazinamizire, chifukwa zimadya pang'ono. Zolemetsa ndi zipangizo zotenthetsa.

Shoti ndi nkhani ina. Imachitika pamene waya wamoto wakhudzana ndi waya wobweza magetsi popanda chipangizo pakati. Mwina khoswe watafuna mawaya kudenga, mwina chingwe cha simbi chaperepeseka, kapena waya wamasuka m'kati mwa pulagi. Magetsi akapeza njira yachidule yotere amathamanga mwa maampu mazanamazana, ndipo maginito amadula pomwepo. Mukakweza buleka imagwa dzanja lisanachoke, nthawi zina ndi kuthetheka ndi phokoso. Pafupi ndi pamene pali vuto mungapeze mwaye pa soketi kapena fungo la pulasitiki wopserera.

Kuti mudziwe kumene shoti yabisala, zulani mapulagi onse a pa buleka imeneyo, kenako muikweze kamodzi kokha ndi manja ouma. Ikagwa pomwepo popanda cholumikizidwa chilichonse, vuto lili m'mawaya a m'nyumba, ndipo muisiye ili chigwere mpaka katswiri wa zamagetsi abwere. Ikakhazikika, lumikizani ndi kuyatsa zipangizo chimodzichimodzi. Chimene chigwetse buleka chikangoyatsidwa ndicho chili ndi shoti, ndipo chisagwirenso ntchito mpaka chitakonzedwa.

Pali switchi inanso imene imasokoneza anthu, yokulirapo, yokhala ndi kabatani kolembedwa T kapena TEST, ndipo kawirikawiri pamalembedwanso 30mA. Imeneyi imateteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi. Imagwa magetsi ochepa chabe akamadontha kupita pansi, monga gizara ikaboola kapena madzi a mvula akalowa mu nyale yapanja. Ikamagwa imeneyi, kuchepetsa katundu sikuthandiza. Funafunani chinyezi kapena chipangizo chowonongeka.

Ena akatopa amachotsa buleka ya 20 n'kuikapo ya 32. Kugwa kumatha ndithu, koma waya wa m'khoma ndi yemwe uja, ndipo tsopano adzatentha popanda womuletsa. Ngati masoketi akukuchepera, katswiri akukokereni waya watsopano wokhala ndi buleka yakeyake. Buleka yokulirapo imafuna waya wokulirapo, apo ayi mwaitana moto m'denga.