KUPWETEKA KWA M'MIMBA KUMENE KUMASAMUKA

M'munsi mwa mimba, ku dzanja lamanja, pamene thumbo laling'ono likomana ndi thumbo lalikulu, pali kathumbo kotseka kunsonga, kotalika ngati cala. Madotolo akacha apendikisi. Pakamwa pace pakatsekeka, kawirikawiri ndi kacimbudzi kouma konga mwala, tizirombo timaswana m'katimo, kathumboko kamatupa, ndipo potsiriza kamaola ndi kuphulika. Nthenda imeneyi imagwira makamaka anthu a zaka 10 kufikira 30, ngakhale kuti siisiya mwana kapena nkhalamba.

Mnyamata wa zaka 24 wa nchito ya pansi pa mgodi ndiye citsanzo cabwino. Loweruka madzulo amva kupweteka pamcombo, kosaloza malo eni eni, ndipo nsima aikana. Usiku asanza. Pofika Lamulungu masana kupweteka kwacoka pamcombo, kwakhazikika m'munsi ku dzanja lamanja, kotero kuti atha kuloza ndi cala cimodzi. Thupi latenthako pang'ono. Akatsokomola alira, poyenda awerama, ndipo galimoto ikagunda pa dzenje agwira pamimba. Kusamuka kumeneku, kumene kumacitika pa maora 12 kufikira 24, ndico cizindikiro cacikulu: kutupa kwafika pa khungu la m'kati lokuta mimba.

Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Anzace a m'komboni ampatsa mankhwala otsegula m'mimba, ati wadzimbidwa. Lolemba kupweteka kucepa mwadzidzidzi, ndipo onse ayesa wacira. Sanacire ai. Kathumbo kaphulika, ndipo posacedwa mafinya afalikira m'mimba monse, mimba niuma gwa ngati thabwa. Ngozi yophulika imakula pakapita tsiku limodzi ndi theka kapena masiku 2.

Kwa mwana wosafika zaka 5 nthendayi ndi yonyenga. Iye sangathe kunena pamene papweteka. Amangolira, nasanza, nthawi zina natsegula m'mimba, ndipo mai amaganiza za malungo. Cimene ciyenera kumcenjeza ndi ici: mwana agona du, miyendo atapinda, ndipo akana kunyamulidwa. Aliyense amene anaphapo mbuzi adziwa nsalu ya mafuta yophimba matumbo. Mwa munthu wamkulu nsalu imeneyi imakulunga kathumbo kodwala ndi kuletsa mafinya kufalikira, koma mwa mwana ikali yaifupi. Cotero ana ambiri otere amafika ku cipatala kataphulika kale. Nkhalamba nayo icedwa, pakuti kupweteka kwace kumakhala kocepa ndipo thupi mwina silitentha konse. Kwa mai wa pakati, mimba ikakula, kupweteka kungamveke cakumwamba pang'ono.

Dotolo amayamba ndi mafunso, ndi manja ace, ndi kupima magazi. Mkazi amampima ngati ali ndi pakati, cifukwa mimba yokhala kunja kwa cibaliro imapweteka mofanana. Ekisire wamba, uja wa cifuwa amene a pa mgodi amdziwa bwino, sathandiza kweni kweni pano. Kwa ana ndi amai apakati amayamba ndi sikani yoyendetsa pamimba, imene iona m'kati ndi mau osamveka ku khutu ndipo iribe ceza coononga. Kathumbo kakanenepa kupitirira mamilimita 6 ndipo sikaphwanyika pokanikiza, n'kodwala. Koma mpweya wa m'matumbo kapena mafuta a munthu wonenepa angakabise, ndipo kusakaona sikutanthauza kuti kali bwino. Makina akulu a sikani ya siti amaona bwino koposa, koma ali ndi ceza ca ekisire cambiri. Nco cifukwa cace amasungira akulu, makamaka okalamba, amene mwa iwo cotupa ca m'matumbo cingabisale kumbuyo kwa nthendayi. Kumene kulibe makinawo, kapena zizindikiro zikakhala zoonekeratu monga za mnyamata uja, dotolo sadikira cithunzi.

Nanga bwanji osangomwa mankhwala? Madotolo a ku Finland anayesa zimenezi pa akulu amene kathumbo kao sikanaphulike, ndipo mu 2018 analengeza kuti pa zaka 5, pafupifupi anthu 4 mwa 10 anafunikabe opaleshoni. Mankhwala opha tizirombo amathandizadi ena, koma pafunika cithunzi cotsimikiza kuti mulibe kamwala kapena mafinya, ndi cipatala capafupi nthenda ikabwerera. Opaleshoni imathetsa nkhani kamodzi, ndipo munthu amakhala bwino bwino wopanda kathumboko. Wofika msanga amatuluka pa tsiku limodzi kapena masiku 2, koma nchito yonyamula zolemera aiyembekeze milungu ingapo monga dotolo anena. Wofika mocedwa, mafinya atasonkhana pamodzi ngati cithupsa, kawirikawiri amayamba wapatsidwa mankhwala ndi kucotsedwa mafinyawo, ndipo za kathumbo amaziona pambuyo pace.