Kalata yosankhira kasitomala chizindikiro

Wojambula akatumiza zizindikiro zitatu kwa kasitomala n'kungoti "sankhani nokha", ntchito waisiyira panjira. Ine ndimalemba kalata, ndipo chimene ndasankha ndimachitchula pamzere woyamba.

Mayi wina wa chigayo kuno ku Kabwe anafuna chizindikiro cha pa matumba a ufa. Choyamba ndinajambula mkuyu waukulu uja wa pakati pa tauni, masamba ake onse akuoneka. Chachiwiri chinali sitima yapamtunda, chachitatu chinali chisononkho chimodzi cha chimanga, dzina la chigayo lili pansi m'zilembo zonenepa.

Ndinalemba kuti: "Mayi, ndikupempha kuti mutenge chachitatu. Zonse zitatu ndazichepetsa kufika masentimita 3, kukula kwa chidindo chanu cha pa malisiti, n'kuzisindikiza ndi inki yakuda yokha. Masamba a mkuyu aphatikizana n'kusanduka banga, koma chimanga chikuonekabe. Thumba la ufa ndi lolukidwa, choncho timizere tating'ono timaduka posindikiza. Komanso mtundu uliwonse umene tingawonjezere umakweza mtengo wosindikizira, pomwe chimangachi chimangofuna mtundu umodzi."

Za sitima sindinachulutse mawu. Kabwe ndi tauni ya njanji, inde, koma woona sitima pathumba sangaganize za nsima.

Mkuyu ndi umene mayiwa anaukonda, choncho ndinauyamikira kaye, kenako ndinaika pepala losindikizidwa lija m'kalatamo kuti adzionere okha. Ojambula anzanga, osatumiza kalata yotere popanda pepala limenelo.