Wobiriwira Aliyense Si Master Chief

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti anthu ambiri akaona chithunzi cha gemu chokhala ndi msilikali wovala zachitsulo zobiriwira, nthawi yomweyo amati ndi Master Chief wa mu Halo. Komatu mtundu wa chovala ndiwo umanamiza kuposa china chilichonse. Doom Slayer wa mu Doom nayenso ndi wobiriwira, nayenso amavala chisoti chophimba nkhope yonse. Choncho musayambire pa munthuyo ayi. Yambani kuona m'mphepete mwa chithunzicho, kenako chovala, kenako zida, zizindikiro pomaliza.

M'mphepete ndimo muli manambala ndi timizere touza wosewera mmene zinthu zilili, ndipo gemu iliyonse imaziyala mwa njira yakeyake. Mu Doom yoyamba ya 1993, yopangidwa ndi id Software, pansi pa sikirini pali mzere waukulu wolembedwa AMMO, HEALTH, ARMS ndi ARMOR, ndipo pakati pake pali nkhope ya msilikaliyo, imene imachita magazi akamavulala. Halo ilibe nkhope yotere. Chake chodziwika ndi kabwalo kozungulira pansi chakumanzere, kosonyeza zinthu zimene zikuyenda pafupi: madontho ofiira ndi adani, achikasu ndi anzako. Mukaona kabwaloko pamodzi ndi mzere wa chishango, dziwani kuti muli m'dziko la Halo.

Koma apa ndi pamene ngakhale osewera akale amapunthwa. Kudziwa gemu si kudziwa munthu. Magemu awiriwa amaonetsa zinthu kudzera m'maso a amene mukumuyendetsa, ndiye nthawi zambiri mwiniwakeyo saoneka n'komwe. Mumangoona manja ndi mfuti. Ndipo si Halo iliyonse imene mumakhala Master Chief. Mu Halo 2 ya 2004, zigawo zina mumakhala Arbiter, amene si munthu. Mu Halo 3: ODST ya 2009 mumayamba ngati Rookie. Mu Halo 5 ya 2015 zigawo zambiri n'za Locke.

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa chithunzi chotere. Kabwalo kaja kali pansi kumanzere, ndipo mfuti ili ndi kasikirini kakekake kosonyeza 32. Mfuti yowerenga zipolopolo pathupi pake, pamodzi ndi kabwaloko, imatsimikiza kuti ndi Halo, koma nambalayo ikutiuzanso zina. Mu Halo: Combat Evolved ya 2001, mfutiyi ikadzaza imasonyeza 60, ndipo chishango chimakhala pamwamba kumanja. M'chithunzi chathuchi chishango chili pamwamba pakatikati, choncho gemu ya 2001 taichotsa. Mfuti yodzaza pa 32 imapezeka m'magemu monga Halo 3 ya 2007 ndi Halo: Reach ya 2010. Tsopano yang'anitsitsani pansi pa mzere wa chishango. Ngati pali timagawo tina tosonyeza moyo wa thupi, imeneyo ndi Reach, chifukwa Halo 3 sionetsa moyo padera. Ndipo ngati ndi nkhani ya Reach, manja amene mukuwaonawo ndi a Noble Six, osati a Chief. Chenjezo limodzi lokha: nambala ya pamfuti imatsika munthu akamawombera, ndiye 32 payokha siikwanira, pakuti mfuti ya 60 ija imadutsanso pa 32. Mpake kuiwerenga pamodzi ndi malo a chishango.

Munthuyo akamaoneka thupi lonse, pitani pa galasi la chisoti. La Chief ndi lagolide, lonyezimira, ndipo nkhope siioneka. Chovala chake, chotchedwa Mjolnir, chimaphimba thupi lonse osasiya khungu pamtunda, ndipo mu Halo Infinite ya 2021 pachifuwa palembedwa 117. Slayer wa mu Doom Eternal ya 2020 ali ndi minofu ya m'mikono poyera, mpeni wautali pamkono wamanzere ndi kamzinga paphewa, ndipo maso ake amaonekera m'galasi. Akanyamula mfuti ya mipope iwiri, Super Shotgun, palibenso chokayikitsa.

Zizindikiro n'zosavuta: UNSC ndi chiwombankhanga chake n'za Halo, UAC pamabokosi ndi pamakoma n'za Doom.

Nthawi zina chovala ndi za m'mphepete zimatsutsana, ndipo zonse zimakhala zoona. Master Chief analowa mu Fortnite mu 2020, Doom Slayer mu 2022. Mukaona Chief mukumuyang'ana chakumbuyo, mapu aang'ono ali pamwamba kumanja, timabokosi ta zida tili pansi kumanja, kabwalo ka madontho kaja kulibe, munthuyo ndi Chief ndithu, koma gemuyo ndi Fortnite, ndipo polemba pansi pa chithunzicho muyenera kutchula zonse ziwiri.