Akaunti ikatsekedwa, Facebook imafuna dzina la pa chiphaso

Tiyerekeze mtsikana wogulitsa kaunjika pa Facebook ku Zomba. Wadzuka m'mawa, wapeza uthenga woti wina wayesa kulowa mu akaunti yake pa foni yachilendo ali dziko lina, ndipo akauntiyo yatsekedwa. Makasitomala onse ali m'menemo.

Apa amene watseka si wakubayo ayi. Ndi Facebook yeniyeniyo, itaona foni ndi malo zomwe siinazizolowere. Nthawi zina wokayikiridwayo amakhala mwini wake yemwe, chifukwa walowera pa foni yobwereka kapena wayatsa VPN.

Asathamangire kudina linki ya mu uthengawo, chifukwa akuba nawonso amatumiza machenjezo abodza ofanana ndi enieni kuti munthu alembe yekha pasiwedi. Alembe ndi zala zake facebook.com/hacked, pa foni yomwe amalowera masiku onse. Facebook imaikhulupirira foni imeneyo kuposa ya mnzake.

Poyamba amutumizira manambala achinsinsi ku nambala ya foni kapena imelo yomwe analembetsa. Ambiri amagwera pomwepa. Anatsegula akaunti ali ku sekondale ndi simu khadi yomwe inatayika kalekale, ndipo nambala ikakhalitsa osagwira ntchito, kampani imatha kuipereka kwa wina. Ngati nambalayo idakali m'dzina lake, apite ku shopu ya Airtel kapena TNM ndi chiphaso cha unzika akaibwezeretse. Njira yachidule ndi imeneyi.

Zikakanika, Facebook ingamupemphe chithunzi cha chiphaso cha unzika, pasipoti kapena laisensi, pena kanema wamfupi wa nkhope yake. Imafananitsa dzina, tsiku lobadwa ndi nkhope ndi zomwe zili pa akaunti. Tsono mtsikana wathuyu pa Facebook ndi "Queen Bae", chaka chobadwa anachinamiza kuti aoneke wamkulu, pomwe pa chithunzi anaikapo maluwa. Chiphaso cha NRB chikutchula munthu wina. Kunena zoona, Facebook siilakwa kukayika, ndipo mwayi wake watsala pa zithunzi za nkhope yake zomwe anaikapo kale.

Chithunzi cha chiphasocho chimakanidwanso pa zifukwa zazing'ono. Achiike pa tebulo lakuda, pamalo owala koma osayatsa fulashi, ngodya zonse zinayi zioneke ndipo zilembo ziwerengeke. Kenako adikire yankho pa imelo, mwina masiku angapo. Aja olonjeza kuti "timabweza maakaunti" mukawatumizira ndalama pa foni, alibe khomo lakuseri ku Facebook. Angodya ndalamazo n'kutsala ndi chithunzi cha chiphaso chanu.

Akalowa, kusintha pasiwedi kokha sikukwanira. Apite pa Where you're logged in atulutse mafoni onse achilendo, aonenso ngati wakubayo sanaonjezere imelo kapena nambala yake, chifukwa akaisiya, mawa abweranso. Asinthenso pasiwedi ya imelo, ayatse Two-factor authentication, ndipo manambala 10 apadera omwe Facebook imapereka olowera foni ikatayika awalembe m'kope, osati mufoni momwemo.