Mphatso yabwino imayamba ndi mafunso

Munthu akakufunsani kuti agule mphatso yanji, musafulumire kutchula katundu. Yambani mwamufunsa kuti wolandirayo ali ndi zaka zingati, amakonda chiyani, mwambo wake ndi wotani, ndiponso wakonza ndalama zingati.

Titenge chitsanzo cha mayi amene akufuna kugulira mwana wa mchemwali wake mphatso. Mukangomva mawu oti mwana, mukhoza kutchula chidole, chonsecho ndi mtsikana wa zaka 14 amene wakhoza mayeso a Sitandade 8 ndipo wasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko. Apa mwambo wayankha kale theka la funso. Mtsikanayu akufunika sutikesi yokhala ndi loko, bulangete, ndowa, kapena tochi yowerengera magetsi akazima.

Ndalama ndizo zimadula mlandu. Funso limeneli ambiri amalichitira manyazi, koma ine ndimaona kuti kulidumpha n'kumulakwira wofunsayo, chifukwa mumamutumiza kusitolo kukasirira zimene sangakwanitse. Ngati ndalama ndi zochepa, agule chinthu chimodzi cholimba osati tinthu tambirimbiri tosakhalitsa. Tochi yotchajira padzuwa imaposa ya mabatire, poti kusukulu mtsikanayo sadzakhala ndi ndalama zogulira mabatire.

Zokonda zake zimathandiza posankha pakati pa zinthu za mtengo wofanana. Wokonda masamu mugulireni kakyuleta. Wosewera mpira wamanja, nsapato zamasewera. Koma nsapato musagule mongoyerekeza, yambani mwafunsa saizi kwa mayi ake. Afunseninso zomwe agula kale, kuopa kuti mwana angapite ndi ndowa ziwiri koma wopanda chofunda.