Kumwezi kwa Masiku Naini: Magazi Athela Kuti?

Mu minibasi timakamba za mtengo wa unga, za malaiti ndi za bola, koma za kumwezi timazisiya ku nyumba. Manje lelo mundilole ndizikwezeko, cifukwa amai ambili amene amawodzela pa mpando m'mawa-mawa si aulesi iyai. Magazi awacepela.

Ku Kamushanga ndinaceza ndi amai ena a zaka 38 ogulitsa ndiwo zamasamba, amene anapempha kuti ndisachule dzina lao. Kwa zaka ziwili, kumwezi kwao kunali kutenga masiku naini. Masiku atatu oyamba anali kusintha padi pa ola lililonse, usiku naikilako citenge, ndipo kunali kutuluka magazi oundana aakulu kupambana kobili. Ululu unali kuwagoneka. Pambuyo pake anayamba befu: kunyamula dishi ya tomato pang'ono cabe, mtima gu gu gu, cizungulile. Anayambanso kulakalaka dothi.

Atapita ku kiliniki anawatuma ku cipatala cacikulu ca Kabwe. Mayeso a magazi anaonetsa 7.8, pamene kwa mkazi amene alibe pakati muyezo woyenela ndi 12 kapena kuposa. Sikani inapeza zotupa zitatu m'cibelekelo, zimene madokotala amazicha mafaiburoidi.

Zotupa izi ndi mnofu wa cibelekelo comweco umene wakula ngati mpila. Si khansa, si matenda opatsilana, ndipo si ufiti. Zimapezeka kwambili mwa akazi akuda, maka-maka a zaka za m'ma 30 ndi 40. Zimakula ndi mahomoni awili amene amayendetsa kumwezi, esitilojeni ndi pulojesiteloni, ndiye cifukwa cake zimafota mai akaleka kusamba. Ambili ali nazo osadziwa. Zovuta maningi ndi zimene zimamela ca mkati: zimakulitsa malo otuluka magazi, ndiponso zimalepheletsa cibelekelo kufinya bwino mitsempha kuti magazi aleke. Cikamafinya mwamphamvu kuti citulutse magazi oundana aja, ululu umakula.

Nanga kulema kubwela bwanji? Tiwelengele pamodzi monga cenji ca kondakita. Mkazi amataya mamililita 30 mpaka 40 pa mwezi. Akapitilila 80, ndiye kuti anyanya. Mililita imodzi ya magazi imanyamula pafupi-fupi hafu ya miligilamu ya ayiloni. Tinene kuti amai aja anali kutaya mamililita 120: ndi mamiligilamu 60 mwezi uliwonse. Kucokela m'cakudya thupi limatengako miligilamu imodzi kapena awili pa tsiku, ndipo imodzi imatayika kale kudzela m'khungu ndi m'matumbo. Zotsala sizikwana kubweza 60. Ni nkhongole ya mwezi ndi mwezi, mpaka nkhokwe itauma. Popanda ayiloni thupi silipanga magazi okwanila kunyamula mpweya, ndiye befu uja.

Za dothi, a ku Kabwe mumvetsetse. Kulilakalaka kawili-kawili ndi cizindikilo ca kucepa kwa ayiloni, koma kulidya sikucilitsa. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu ukalipo m'nthaka ya madela monga Kasanda ndi Chowa, ndipo thupi losowa ayiloni limayamwa mtovu wambili. Dothi la pa msika simudziwa kumene linakumbidwa.

Amai aja anapatsidwa mapilitsi a ayiloni. Cimbudzi cimada, zimenezo zisakuopseni. Osamwela tiyi, cifukwa amatsekeleza ayiloni. Ndi bwino kumwela madzi ndi kudyako lalanje kapena gwafa. Amamwedwa miyezi ina itatu magazi atabwelela, kuti nkhokwe idzale. Kapenta, ciwindi, nyemba ndi bondwe zimathandiza, koma pa 7.8 cakudya cokha sicikwana.

Kuthila madzi m'ndowa yobooka n'kutaya nthawi, conco anawapatsanso mankhwala ocepetsa kutaya magazi, ochedwa tilanekisamiki asidi, omwa masiku a kumwezi okha. Ena amapatsidwa mapilitsi a kulela kapena lupu ya mahomoni. Lupu ya kopa ndi asipilini zikhoza kuonjezela kutaya magazi. Zotupa zikakana, pali opaleshoni yocotsa zotupa zokha, cibelekelo n'kutsala, ngakhale zina zikhoza kumelanso. Kucotsa cibelekelo conse ndi kwa amene safunanso kubala.

Si kutaya magazi kulikonse kumene kuli mafaiburoidi: mahomoni osokonezeka, pathupi potayika ndi khansa ya khomo la cibelekelo zimacitanso tele. Conco mukapita ku kiliniki, nenani masiku ndi mapadi amene mumatha, ndipo pemphani kupimidwa magazi ndi sikani. Koma ngati padi ikudzala ola lililonse kwa maola awili otsatizana ndipo mukumva ngati mukomoka, osayembekeza kuce. Pitani tsiku lomwelo.